Kuchepetsa kuwawa kwa masamba ndi karela: madzi owira, mchere ndi zophikira limodzi

Kuwawa kwa ndiwo kumachepa m'njira ziwiri zosiyana. Mukhoza kutulutsa zowawazo m'masambamo, zipite ndi madzi amene mutaye. Mukhozanso kuzisiya momwemo koma n'kuphika masambawo ndi zinthu zimene zimapangitsa lilime kusamva kuwawako kwambiri. Madzi owira amagwira ntchito yoyambayo. Mafuta, anyezi, mazira ndi zowawasa zimagwira yachiwiriyo. Mchere wokha ndiwo umagwira zonse ziwiri. Ambiri amalakwitsa podalira njira imodzi, makamaka kuwiritsa kwa nthawi yaitali, mpaka masamba amaphwetseka, mtundu n'kutha, koma kuwawa kudakalipo chifukwa madzi owawawo aphwera mumphika momwemo.

Titenga zitsanzo ziwiri, mpiru wokhwima wa theka la kilogalamu ndi karela wa theka la kilogalamu. Karela ndi chipatso cha mtundu wa nkhaka, chobiriwira, cha khungu la tiziphuphu, chimene chimalimidwa kwambiri ku India, China, Philippines ndi kumwera kwa Japan. Ziwirizi sizifuna chisamaliro chofanana. Tsamba ndi lopyapyala, madzi otentha amalilowa msanga. Karela ali ndi mnofu wochindikala wamadzi ambiri, ndiye amamvera mchere kuposa madzi.

Choyamba: lawani musanayatse moto

Budulani kachidutswa ka tsamba lotsuka, mutafune pang'ono. Ngati kuwawa kukubwera mochedwa n'kutha msanga, masambawo safuna kuwiritsa padera, mafuta ndi anyezi akwanira. Ngati kukugwira lilime nthawi yomweyo n'kutsalira kukhosi, konzani madzi.

Maso amathandizanso. Masamba anthete amawawa pang'ono. Aakulu, okhakhala, ochokera ku chomera chimene chayamba kutulutsa maluwa kapena chimene chinavutika ndi dzuwa ndi kusowa madzi, amawawa kwambiri. Kwa karela, wamfupi wobiriwira kwambiri wa tiziphuphu tosongoka, amene amatchedwa wa ku India, amawawa kuposa wautali wotuwirapo wa mizere yosalala, amene amatchedwa wa ku China. Amene wayamba chikasu ndipo njere zake zafiira wafewa kale, sachedwa kuphwanyika pofinya.

Masamba: kuwiritsa mwachidule m'madzi ambiri

Mu mpiru, repu, kabichi ndi abale awo muli timadzi towawa timene timasungunuka m'madzi. Mulinso chinthu china chimene chimangodikira kuti tsamba lidulidwe kapena litafunidwe. Zikakumana ziwirizi zimatulutsa ukali uja umakwera m'mphuno. Kutentha kwa madzi owira kumapha mphamvu ya chinthu chachiwiricho m'kanthawi kochepa, ndipo madziwo amatenga gawo la timadzi towawato. N'chifukwa chake pali malamulo awiri osaphwanya: madzi akhale ambiri, ndipo akhale akubwata kwenikweni masamba asanalowe. Mukaika masamba m'madzi ofunda n'kumadikira kuti awire, mwapatsa ukaliwo mpata woti ukule.

1. Tsukani masamba ali athunthu. Chotsani msana wa tsamba ngati uli wolimba, kapena muuwaze padera chifukwa umachedwa kupsa.
2. Thirani malita 3 a madzi mumphika waukulu, muikemo mchere magalamu 30, omwe ndi masupuni aakulu awiri osadzaza. Muyeso wake ndi magalamu 10 pa lita imodzi.
3. Madzi akamatentha, tungani beseni la madzi ozizira, muike pafupi pamodzi ndi sefa kapena chipande chobowola.
4. Wazani masamba mokulirapo, ngati zala ziwiri m'lifupi, madzi atatsala pang'ono kuwira. Musawaze n'kuwasiya theka la ola akudikira.
5. Gawani masambawo pawiri. Ikani gawo loyamba, mukankhire pansi kuti onse amire, ndipo musavindikire.
6. Yambani kuwerenga nthawi madzi akayambiranso kubwata. Mpiru wokhwima umafuna mphindi 2. Masamba anthete amafuna masekondi 30 mpaka 60 basi. Olimba kwambiri angafike mphindi 3 kapena 4.
7. Vuulani, muponye m'madzi ozizira, muvundule mpaka azizire, kenako finyani ndi manja.

Kugawa pawiri kuja anthu amakuona ngati kutaya nthawi, koma n'kofunika. Masamba a theka la kilogalamu akalowa onse pamodzi amaziziritsa madzi, ndipo pamene madzi akuvutika kuti awirenso masamba amakhala akufota m'madzi ofunda. Ngati madzi atenga kupitirira mphindi imodzi kuti ayambirenso kubwata, dziwani kuti mwadzaza mphika. Gawo lachiwiri mukhoza kuliwiritsa m'madzi omwewo, koma akafika poderako kwambiri asintheni, chifukwa madzi okhuta zowawa sangatengenso zina.

Yang'anani mtundu. Masekondi oyambirira tsamba limabiriwira mowala kuposa mmene linalili laliwisi. Pamenepo zinthu zikuyenda bwino. Likayamba kuzilala n'kumapita ku mtundu wa khaki, mwapitiriza. Pa mphindi yachiwiri vuulani kachidutswa, muviike m'madzi ozizira, mulawe. Mukufuna kuwawa kumene kumamveka patali, tsamba likadali ndi pogwira mano. Ngati kukadali koluma onjezani mphindi imodzi, mulawenso. Lawaninso dontho la madzi a mumphikawo atazizira. Mudzamva nokha kumene kuwawa kwapita.

Kufinya si kongochotsa madzi kuti mafuta asathetheke. Madzi otsalira pakati pa masamba ndi omwe aja owawa. Tengani odzaza dzanja, muumbe ngati mpira, mufinye mpaka madontho achepe, kenako mumasule ndi zala. Musadabwe kuona mulu wonse uja utasanduka timipira tiwiri kapena titatu.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Vitamini C ndi michere ina yosungunuka m'madzi imapita ndi madzi omwewo, ndipo imapita yambiri masamba akawazidwa mopyapyala kapena akakhalitsa pamoto. Pachifukwa ichi ine sindiwiritsa padera masamba anthete, ndipo okhwima sindiwapitiriza mphindi zimene akufunikira. Soda nayenso musamuthamangire. Amafewetsa tsamba n'kulisiya lobiriwira, koma amawononga mavitamini, ndipo akachuluka ndiwo zimaterera n'kumamveka sopo. 

Masamba owawa kwambiri, monga luni wokhwima, nthawi zina amafuna madzi awiri: kuwiritsa mphindi 3, kutaya madzi, kuwiritsanso mphindi 2 m'madzi atsopano owira kale. Kupitirira apo palibenso chimene mukupindula.

Karela: mchere kaye

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa karela wokonzedwa mothamanga ndi amene amapangitsa munthu kulumbira kuti sadzamudyanso.

Tsukani, mudule nsonga zonse ziwiri, mung'ambe pakati m'litali. M'kati mupeza njere ndi zoyera zofewa. Palani ndi kasupuni mpaka mufike pa mnofu wolimba. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kuwawa konse kuli m'zoyerazo, koma lawani mnofu wobiriwira mumve: kuwawa kuli m'chipatso chonse. Timachotsa zam'katizo makamaka chifukwa njere zokhwima n'zolimba ndipo zoyerazo zimamwa mafuta. Ngati ndi karela wa tiziphuphu tosongoka ndipo mukuphikira anthu osazolowera, palani tiziphuphuto pang'ono ndi mpeni. Musasende khungu lonse, mutsala ndi mnofu wopanda mphamvu umene uphwanyike pofinya.

Dulani tizidutswa topyapyala, mamilimita 3 kapena 4. Kupyapyalaku ndiye theka la ntchito. Mchere umakoka madzi kuchokera pamalo odulidwa, ndiye pamene pali malo odulidwa ambiri madzi owawa amatulukanso ambiri. Zidutswa zokhuthala ngati chala zimalowa mchere kunja kokha, pakati kuwawa kuli chikhalire.

Pa theka la kilogalamu, mukachotsa zam'kati mumatsala ndi magalamu pafupifupi 400. Thirani mchere wosalala kasupuni ka tiyi kamodzi ndi theka, omwe ndi magalamu 8 kapena 9. Sakanizani ndi manja, mukutikita pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi mpaka tizidutswa tiyambe kunyezimira ndi chinyezi. Siyani mphindi 20 mpaka 30. Mbale yake ikhale yagalasi, yadothi kapena yapulasitiki.

Nthawi ikakwana pendekani mbaleyo. Pansi payenera kukhala madzi obiriwira, masupuni angapo. Tengani kachidutswa kamodzi mukapinde. Kakapindika osathyoka, mchere wagwira ntchito. Kakathyoka ndi kaphokoso, kapena pansi pa mbale pali pouma, ndiye kuti mwina mchere unachepa, mwina munadula mochindikala. Tikitaninso, mupatse mphindi zina 10.

Tsopano dongosolo lake ndi ili, ndipo musalisinthe: finyani kaye, tsukuluzani, finyaninso. Kufinya koyamba kumatulutsa madzi owawa amene mchere wakoka. Kutsukuluza m'madzi ozizira kamodzi kapena kawiri kumachotsa mchere wa pamwamba. Kufinya kwachiwiri kumaumitsa tizidutswa kuti tikazingike m'malo mowira m'madzi ake. Mukhoza kukulunga m'kansalu koyera n'kupotokola. Mukangotsukuluza osafinya, zowawa zambiri zimatsala m'mnofu.

Lawani. Karela sasiya kuwawa kotheratu, ndipo amene amamukonda sangafune kuti asiye. Chimene mukufuna n'chakuti muthe kutafuna kachidutswa n'kumeza osakwinya nkhope. Ngati sizinafike pamenepo, muwiritseni m'madzi obwata kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, muziziritse, mufinye. Madzi amenewa musathiremo mchere, karela ali nawo kale. Dziwani kuti mukatero afewa ndipo fungo lake lichepa, ndiye ngati mukufuna wokazinga wokukutika, siyirani pa mchere pokha.

Kusiya karela mumchere usiku wonse sikuthandiza. Patatha ola limodzi madzi ambiri amakhala atatuluka kale, chimene chimapitirira ndi mchere kulowa m'kati, ndipo kuutulutsanso n'kovuta.

Zophikira limodzi

Mchere uli ndi ntchito ina pa lilime penipeni. Mu 1997 asayansi awiri a ku Philadelphia, Paul Breslin ndi Gary Beauchamp, anasonyeza kuti mchere umatsekereza kuwawa, ndipo ukatero kutsekemera kumene kunabisika kumamveka bwino. Mukhoza kudziyesera nokha. Tengani tizidutswa tiwiri ta tsamba lowiritsa, kena muwazepo timchere, mulawe motsatizana. N'chifukwa chake ndiwo zowawa zikaperewera mchere zimamveka zowawa kuposa mmene zilili, ndipo chinthu choyamba kukonza mumphika wowawa ndi mchere, shuga pambuyo. Komabe pali malire. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limalangiza munthu wamkulu kusapitirira magalamu 5 a mchere patsiku, ndiye mchere wokokera madzi uja uzitsukuluzidwa ndithu.

Mafuta amakuta lilime ndi chakudya chomwe, kuwawa n'kumafika mofatsa. Mafuta ophikira, batala, mtedza wosinja, mkaka wa kokonati, yogati, nyama yonona, zonsezi zimagwira ntchito imeneyi. Mazira amachita bwino kwambiri ndi karela, ndipo si mwangozi kuti ku Philippines amamukazinga ndi mazira ndi matimati, pamene ku Okinawa, m'dziko la Japan, amamuphika ndi mazira, chakudya cha soya chotchedwa tofu ndi nyama ya nkhumba. Ku India kawirikawiri amamuphatikiza ndi anyezi wambiri, bwemba ndi shuga wofiirira wa nzimbe. Mayiko ndi otalikirana koma nzeru ndi imodzi: chonona, chotsekemera pang'ono, chowawasa pang'ono.

Kutsekemera kwabwino kumachokera ku anyezi wokazinga pamoto wochepa mpaka afiirire. Shuga amathandiza, koma pang'ono kwambiri. Akachuluka mumamva zinthu ziwiri zosagwirizana, kutsekemera kutsogolo ndi kuwawa kumbuyo. Zowawasa monga ndimu, viniga ndi bwemba zimapatsa lilime china choti limve. Vuto lake n'lakuti zimasintha masamba obiriwira kukhala a khaki zikakhala nawo pamoto, choncho ndimu ndi viniga muzithira mutaphula kapena mphindi yomaliza. Zokhutitsa zopanda ukali monga mbatatesi, mpunga ndi nyemba zimangogawa kuwawako kuti kusadzaze pakamwa pamodzi. Tsabola sachotsa kuwawa. Amangowonjezera moto pamwamba pake, ndipo kwa munthu wosazolowera zimakhala ziwiri zolimbana nazo.

Kumaliza karela wathu uja

Muli ndi karela wofinya, anyezi awiri apakati, matimati awiri, adyo mano atatu, mazira atatu ndi mafuta masupuni aakulu atatu.

Tenthetsani masupuni awiri a mafuta m'chiwaya chotakata. Ikani karela, mumuyale asaunjikane, moto ukhale wapakati, osavindikira. Msiyeni mphindi 2 osatakasa, kenako muzitembenuza mwa apo ndi apo kwa mphindi 6 mpaka 8, mpaka m'mphepete mwa tizidutswa muyambe kufiirira. Kufiirira kumeneku kumabweretsa kakomedwe kamene kamaphimba kuwawa. Samalani kuti asade, chifukwa kupserera kuli ndi kuwawa kwakekwake kumene palibe chochotsera. Muchotseni, muike pambali.

M'chiwaya chomwecho thirani supuni yotsalayo, muike anyezi, muchepetse moto. Apatseni mphindi 10 kuti afewe n'kufiirira. Adyo alowe mphindi yomaliza yokha, chifukwa sachedwa kupserera ndipo akapserera amawawa kuposa karela. Ikani matimati, aphikike mpaka madzi aphwe ndipo mafuta ayambe kuonekera m'mbali. Bwezeranimo karela, musakanize, mulawe musanathire mchere uliwonse. Nthawi zambiri mchere umene unatsalira mu karela umakwanira mphika wonse. Ngati kuwawa kukadali patsogolo ndipo mchere wakwana, thirani shuga theka la kasupuni ka tiyi.

Menyani mazira, muwathire pamwamba, mudikire masekondi 20 kuti ayambe kugwira, kenako mutembenuze mofatsa kuti akute tizidutswato. Phulani mazira adakali ofewa. Finyirani madontho angapo a ndimu.

Mpiru wowiritsa uja ndi wosavuta. Kazingani anyezi mmodzi mpaka afiirire, muike masamba ofinya, mutakase kwa mphindi 3 kapena 4 basi, popeza apsa kale theka. Mukafuna msuzi wonona, sungunulani mtedza wosinja masupuni atatu m'kapu ya madzi, uwire kaye mphindi 8 mpaka 10 kuti fungo la uwisi lithe, masamba alowe kumapeto. Masamba a mtundu wa mpiru ndi kabichi akakhalitsa pamoto amatulutsa fungo la dzira lowola, ndipo fungo limenelo anthu ambiri amalisokoneza ndi kuwawa.

Zikavuta

Ngati ndiwo zapsa kale koma zikuwawa, lawani mchere kaye. Ukakhala wokwana onjezani chonona, kenako madontho a ndimu, shuga pomaliza. Thirani chimodzi, mulawe, musanathire china. Mukathira zonse nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga.

Ngati mchere wapitirira chifukwa simunatsukuluze bwino, onjezani zinthu zopanda mchere, monga dzira lina, mbatatesi yowiritsa kapena matimati. Kuthira madzi kumangosungunula kukoma, mcherewo uli pomwepo.

Ngati karela watuluka wonyowa ndi wotuwa m'malo mofiirira, ndiye kuti sanafinyidwe mokwanira kapena chiwaya chinadzaza. Kazingani m'magawo awiri.

Kuwawa kumene si kochotsa

Zonse zili pamwambazi n'za ndiwo zimene zimawawa mwachibadwa koma n'zodyedwa. Pali kuwawa kwina kumene ndi chenjezo. Nkhaka wamba, dzungu kapena mphonda zikakhala zowawa kwambiri mosayembekezeka, tayani. Zimakhala ndi poizoni amene satha ndi mchere kapena kuphika, ndipo amayambitsa kusanza, kutsegula m'mimba ndi kupweteka koopsa. Kulawa kachidutswa kakang'ono musanaphike n'kulavula kukawawa ndi njira yodzitetezera.

Masamba a chinangwa nawonso sali m'gulu la kuwiritsa kwa mphindi ziwiri. Ali ndi poizoni amene amafuna kuti masambawo asinjidwe bwinobwino kenako awire kwa nthawi yaitali mumphika wosavindikira. Ndipo tsamba lakutchire limene simukulidziwa bwino musaliyese ndi njira izi, chifukwa kuchotsa kuwawa sikutanthauza kuchotsa poizoni.

Karela amatha kutsitsa shuga m'magazi. Munthu amene akumwa mankhwala a shuga kapena kubaya jakisoni wake ayambe wafunsa dokotala asanayambe kumudya pafupipafupi, makamaka madzi ake aawisi. Amayi oyembekezera amalangizidwa kumupewa, ndipo njere zofiira za karela wakupsa zisapatsidwe kwa ana.

Masamba owiritsa ndi kufinya amasungika masiku atatu mufiriji m'chotengera chotseka bwino. Karela wothira mchere, wotsukuluza ndi kufinya amasungika masiku awiri. Pomutulutsa mufinyeninso, chifukwa amakhala atatulutsa madzi ena pansi pa chotengeracho.